CSV wamba kapena CSV UTF-8: ndi uti amene amasunga ŵ?

Kuno ku Mzuzu, tebulo la maina silichedwa kukumana ndi ŵ, kaya m'Chichewa kaya m'Chitumbuka. Posunga tebulo mu Excel ngati fayilo ya CSV, yomwe imalekanitsa madanga ndi chizindikiro cha koma, pali njira ziwiri zooneka ngati mapasa: `CSV (Comma delimited)` ndi `CSV UTF-8 (Comma delimited)`.

Yoyambayo, pa makompyuta ambiri athu, imalemba ndi ndondomeko ya zilembo yotchedwa Windows-1252, yomwe malo ake a zilembo sapitirira 256. Chilembo cha é chilimo, koma ŵ mulibe. Yachiwiriyo imalemba ŵ ndi mabaiti awiri, ndiye kuti manambala awiri amene kompyuta imasunga, `C5 B5`.

Kusiyana kwenikweni kumaoneka zinthu zikasokonekera. Ndi CSV wamba, ŵ amasanduka `?` kapena w wopanda kachipewa, ndipo wapita basi. Popanda fayilo yoyambirira mudzakonza dzina lililonse pamanja. Ndi UTF-8, pulogalamu ikawerenga mabaiti awiri aja ngati zilembo ziwiri, Malaŵi amaoneka `MalaÅµi`. Zimaopsa m'maso chabe, mkatimo muli bwinobwino. Musasungenso fayiloyo, itsekeni. Kenako mu Excel pitani pa `Data > From Text/CSV`, ndipo pa `File Origin` musankhe `65001: Unicode (UTF-8)`.

UTF-8 ya Excel ili ndi kachilema kake: imaika mabaiti atatu koyambirira kwa fayilo, omwe mapulogalamu ena akale amawaonetsa ngati `ï»¿` pa mutu wa danga loyamba. Kwa ine nkhani yaing'ono imeneyo.

CSV wamba asiyireni amene pulogalamu yawo yakale imakana UTF-8. Mlembi wa mpingo ku Chibavi amene kaundula wake wadzaza ŵ asankhe UTF-8.