Dothi lafunda kapena ayi? Kuyerekeza njira zoyezera tisanabzale chimanga cha kudimba kuno ku Mzuzu

Chimanga cha mvula sichitivuta pa nkhani ya kuzizira. Pofika Disembala dothi limakhala lafunda kale, ndipo mbewu ikapeza chinyezi imatuluka sabata isanathe. Vuto lili kwa ife a madimba, amene timathamangira kubzala mu Juni ndi Julayi kuti mondokwa wathu afike pamsika anzathu asanayambe kuthyola. Mzuzu ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,250 kuchokera pomwe palekezera nyanja yamchere, ndipo madimba athu ali m'madambo, monga m'mphepete mwa Lunyangwa, momwe mpweya wozizira umatsikira usiku n'kukhazikika. Mnzathu wa ku Nkhata Bay angabzale tsiku limodzi ndi ife mbewu yomweyo, iye n'kuyamba kupalira ife tikadali kusuzumira m'mapando.

Njere ya chimanga siyamba kumera ngati dothi lili pansi pa madigiri 10. Pa madigiri 10 mpaka 13 imamera mokoka, masabata atatu kapena kuposerapo atha kukwana, ndipo nthawi yonseyo ili pansi ikudikiridwa ndi nkhungu yowoletsa, tizilombo ndi mbewa. Pa 16 mpaka 18 imatuluka m'masiku 8 mpaka 10. Dothi likapitirira 20, sabata imodzi yakwana. Choopsa kwambiri chimachitika m'masiku awiri oyamba, pamene njere youma ikumwa madzi. Madziwo akakhala ozizira kwambiri, m'kati mwa njere mumawonongeka, ndipo ngakhale kutacha dzuwa mawa lake, siichira.

Funso ndiye ndi lakuti tidziwa bwanji mmene dothi lilili pamene njereyo ikagone, masentimita 5 pansi.

Ambiri timagwiritsa dzanja. N'laulere, koma limanama. Dzanja limamva kusiyana kwa dothi ndi khungu, osati madigiri. Mukangochoka kootha moto, dothi lililonse limamveka lozizira. Mukachoka kotunga madzi m'mawa, lomwelo limamveka lofunda. Komanso dothi lonyowa limamveka lozizira kuposa louma ngakhale zili zofanana. Kusiyanitsa 13 ndi 16 ndi chikhatho n'kovuta, chonsecho mpata umenewo ndi umene ukusiyanitsa masabata atatu ndi masiku khumi.

Nambala ya pafoni kapena ya azanyengo pawailesi ndi ya mpweya, osati dothi, ndipo ndi ya mzinda wonse, osati dambo lanu. Imathandiza pa chinthu chimodzi chokha: ikakuuzani kuti kukubwera masiku a mitambo ndi mvula yowaza, musabzale dzulo lake.

Themometa ya kuchipatala, ya m'khwapa ija, isiyeni m'nyumba. Inapangidwira thupi la munthu ndipo siwerenga pansi pa madigiri 32. Yambiri imangolemba Lo. Ija yolozetsa pamphumi, imene inachuluka nthawi ya Kovidi, imawerenga pamwamba pokha. Masana dothi lakuda likapsa ndi dzuwa ikhoza kukusangalatsani ndi nambala yaikulu pamene kunsi kukadali zii.

Zotsala ziwiri ndizo zoyenera kuzilingalira: themometa yobaya, ndi kubzala njere zoyesera.

Themometa yobaya ili ndi chitsulo chosongoka ngati singano yaikulu. Ilipo yopangidwira dothi, koma ya kukhitchini yoyezera nyama kapena mkaka imagwira ntchito mofanana, bola iwerenge kuyambira 0. Musanaikhulupirire, iikeni m'kapu yodzaza madzi oundana osakaniza ndi madzi pang'ono. Iyenera kuonetsa 0 kapena pafupi pomwepo. Mukaiyesa m'madzi owira n'kuona 96 m'malo mwa 100, musabweze kwa wogulitsa ayi, kuno kumtunda madzi amawira msanga chomwecho. Onetsetsaninso kuti pagalasi palembedwa °C osati °F, chifukwa 50°F ndi madigiri 10 okha.

Poyeza, thirirani kaye malowo dzulo lake monga mmene mudzathiririre mukabzala, popeza dothi lonyowa limachedwa kufunda. Boolani ndi kamtengo, lowetsani chitsulocho kuti nsonga ifike masentimita 5, tsinani dothi m'mbali mwake, ndipo dikirani mpaka nambala itasiya kusuntha. Chitani zimenezi cha m'ma 6 koloko m'mawa, pamene dothi lazizira kotheratu, ndi cha m'ma 2 koloko masana. Osayeza malo amodzi: kumunsi kufupi ndi madzi, pakati, ndi kumtunda kwa dimba. Masiku atatu otsatizana ndi okwanira kukupatsani chithunzi.

Ubwino wake waukulu ndi woti manambalawo amakuuzani tsiku loyembekezera. Chimanga chimafuna kutentha kosonkhanitsa pafupifupi 60 kuti chituluke, ndipo tsiku lililonse chimangowerengera madigiri opitirira 10. Tiyerekeze kuti kumunsi kwa dimba mwapeza 11 m'mawa ndi 17 masana. Pakati pake ndi 14. Kuchotsapo 10, kwatsala 4. 60 kugawa ndi 4, masiku 15. Kumtunda, pamzere wokwera woombedwa dzuwa, mwapeza 13 ndi 23. Pakati ndi 18, kuchotsa 10 ndi 8, ndiye masiku 7 kapena 8. Dimba limodzi lomwelo. Ine pamenepo ndingabzale kumtunda lero, kumunsi n'kudikira kuti nambala ya m'mawa ikhale pa 13 kapena kupitirira masiku angapo motsatizana, kapena kuikako mpiru ndi kabichi zimene sizidandaula chisanu.

Themometa imaululanso zina zimene timatsutsana pachabe. Kuphimbira ndi mapesi kumasunga chinyezi, inde, koma m'nyengo yozizira kumatchinga dzuwa ndipo dothi limachedwa kufunda. Yezani pophimbira ndi posaphimbira tsiku limodzi, mudzaona nokha chifukwa chake ndi bwino kukankhira mapesi pambali pa mzere mpaka chimanga chitatuluka.

Amene alibe chida angabzale njere 20 za m'paketi yomweyo, pakuya komweko, pakona yozizira ya dimba, n'kumawerenga masiku. Zikatuluka 18 kapena kuposa pofika tsiku la 10, dothi lalola. Njira iyi ili ndi mphamvu imene themometa ilibe: imayesa mbewu ndi dothi nthawi imodzi. Kuipa kwake ndi kuchedwa, chifukwa yankho limabwera patapita sabata ndi theka, nyengo itasintha kale. Komanso zikapanda kumera simudziwa wolakwa ndani, pokhapokha mutakulungako njere zina m'nsanza yonyowa n'kuzisunga m'nyumba mofunda. Za m'nsanza zikamera za kudimba ayi, musamunenere zoipa wogulitsa mbewu.

Pa ziwirizi ndimasankha themometa, makamaka ngati mbewu ndi ya haibulidi yogula ndi ndalama zambiri; alimi a dambo limodzi atha kusonkherana imodzi n'kumabwerekana.

Ngati munabzala kale ndipo mapando ali mbee, fukulani angapo musanapakize. Njere yofufuma koma yopanda muzu, kapena mphukira yopotana imene yatambasula masamba isanafike kunja, ndi ntchito ya kuzizira. Njere yolimba youma ikusowa madzi. Phando lokumbidwa lopanda kanthu ndi mbewa kapena mbalame. Njere yolimba yokhala ndi kamuzu koyera ili moyo, ipatseni masiku ena. Koma yofewa, yonunkha mukaifinya, yapita, ndipo kupakiza kudikire mpaka nambala ya m'mawa itakwera.