Tikiti yotchipa yandikhazika ku Mchengautuwa sabata yachiwiri

Ndikulemba ndili kwathu ku Mzuzu, pomwe ndimayenera kukhala nditabwerera kale ku Joni kuntchito. Abale a kumeneko, ejenti amene ndakhala ndikumudalira zaka zinayi potumiza ndalama ndi makatoni pa basi, pa ntchito imeneyo sindimunena. Katundu wanga sanasowepo. Koma pa matikiti a ndege, ayi ndithu, wandigwiritsa fuwa la moto.

Anandipatsa mitengo iwiri yopita ndi kubwera, R5,400 ndi R6,300. Ndinafunsa kusiyana kwake, iye nkuti, "Achimwene, ndege ndi yomweyo, mpando ndi womwewo." Sananame, koma malamulo a matikiti awiriwo ndi osiyana, ndipo ine ndinatenga wotchipawo osawerenga kalikonse.

Vuto loyamba linali la katundu, ndipo pamenepa ndivomere, kulakwa kunali kwanga. Pa tikiti panalembedwa 2PC, ejenti nkuti chikwama chilichonse ndi makilo 23. Ine mumutu ndinaphatikiza nkupeza 46, ndiye ndinalongedza chisutikesi chimodzi cha makilo 31, mabulangete a amayi ndi mapoto zili momwemo, ndikumati ndatsalira kutali. Ku OR Tambo mayi wa pa sikelo anapukusa mutu. PC amawerenga zikwama, ndipo chilichonse chili ndi malire akeake. Makilo a chikwama chimene simunabweretse sawonjezeredwa ku chinzake. Ndinakagula shangani pomwepo, nkugwada pansi kugawa katundu anthu akundilambalala. Mukaona 30K kapena 30KG, pamenepo ndiye amawerenga makilo onse pamodzi. Mukaona 0PC, dziwani kuti mwagula mpando ndi kachikwama ka m'manja basi. Komanso chikwama chimodzi chikapitirira makilo 32, ndege zambiri sizilandira ngakhale mutati mulipira.

Chimene chandipweteka ndi chachiwiri. Ndimayenera kunyamuka Loweruka, koma Lachinayi amayi anagonekedwa m'chipatala. Kuchoka ku Mzuzu kukafika ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi ulendo wa maola angapo pa M1, ndiye ndinadziwiratu kuti sindipita. Lachisanu m'mawa ndinamulembera ejenti kuti asinthe tsiku. Anayankha kuti, "Osadandaula bwana, tikonza." Foni yake kuyambira pamenepo zii, mpaka Lolemba.

Lolembalo ndi pamene ndinamuumiriza kuti anditumizire malamulo a tikiti, amene amalembedwa FARE RULES. Pansi pa CHANGES panali ndalama ziwiri: ina yosinthira tsiku ndege isananyamuke, ina yokulirapo ya NO SHOW, kutanthauza kuti ndege yapita inu osabwera, osachotsanso dzina. Akanangondichotsa pa ndege ya Loweruka tsiku lomwe ndinamuuza, ndikanalipira yoyamba yokha. Ndinalinso ndi mwayi poti unali ulendo wobwerera. Mukaphonya wopita, kawirikawiri wobwerera umafufutikanso wokha.

Ndiye pali mawu aja amati PLUS FARE DIFFERENCE, amene ambirife timangowadumpha. Chindapusa chosinthira si mtengo wonse. Ngati mipando ya mtengo wanu yatha pa tsiku latsopanolo, mumalipiranso kusiyana kwa mtengo wakale ndi watsopano. Kwa ine zinatuluka chonchi: chindapusa cha NO SHOW R1,800, kusiyana kwa mtengo R1,350, ejenti nkuikaponso yake R400 ya ntchito imene sanagwire. Zonse R3,550, chifukwa chothawa R900. Tikiti ya R6,300 ija, nditaiwerenga mochedwa, imalola kusintha tsiku popanda chindapusa, kungolipira kusiyana kwa mtengo.

Ndinapsa mtima nkunena kuti angondibwezera yanga ndikwere basi. Nayonso njira inali yotseka. Pansi pa CANCELLATIONS panalembedwa NON-REFUNDABLE. Chimene chimatha kubwera pa tikiti yotere ndi misonkho ya mabwalo a ndege ya ulendo umene simunayende, pomwe ndalama ya kampani ya ndege yolembedwa YQ, ngakhale imakhala pamzere wa misonkho, nthawi zambiri imapita ndi tikitiyo. Kachenjikonso kamabwerera ku khadi imene inalipira, yomwe ndi ya ejenti. Nditaimbira akampani ya ndege anandiuza mwaulemu kuti tikiti yogulidwa kwa ejenti imakonzedwa ndi ejentiyo.

Musanatumize ndalama, muuzeni munthu wanu akujambulireni mzere wa katundu, wa CHANGES ndi wa CANCELLATIONS, ulendo wopita ndi wobwera padera, chifukwa nthawi zina amasakaniza mitengo iwiri ndipo lamulo lokhwima ndi limene limagwira. Akakutumizirani tikiti, onani kuti pali nambala ya manambala 13 komanso khodi ya zilembo 6 ya ulendo wanu, nambala ya foni ikhalepo yanu. Ndi khodi imeneyo ndikanatha kuimba ndekha Lachisanu kuti andichotse pa ndege, zosintha tsiku nkumakambirana pambuyo.

Amayi atuluka dzulo, ayamba kudya phala. R3,150 ndalipira, koma R400 ija ndakana, tikukanganabe. Makatoni a Disembala ndimupatsa yemweyo, poti pamenepo amatha, koma tikiti sadzandigulitsanso.