Dayi wokhalitsa, dayi wosuluka kapena hena: wobisira imvi ndi uti?

Tiyerekeze mayi wa ku Chibavi amene anawongola tsitsi ndi rilakisa sabata yatha, imvi zatuluka chakumaso, ndipo akufuna tsitsi lakuda. Mu shopu za m'tauni apeza mitundu itatu.

Dayi wokhalitsa ndi uja mumasakaniza zinthu ziwiri. Ammonia kapena Ethanolamine amatsegula khungu la tsitsi, Hydrogen Peroxide n'kuchititsa kuti mtundu ukhwimire m'kati. Imvi amazibisa zonse, ndipo sachoka mpaka tsitsi latsopano litamera. Koma tsitsi lowongoledwa kumene limakhala lofooka kale, ndiye mayiyu akapanda kudikira masabata awiri lidzayamba kuduka.

Dayi wosuluka sasakaniza ndi kanthu. Amangomata kunja kwa tsitsi, n'chifukwa chake saliwononga kwambiri ndipo ku saluni amapaka ngakhale tsitsi longowongoledwa. Imvi amangozizimbaitsa, ndipo mukachapa kangapo zimaonekanso. Kwa mayi wathuyu, ine ndingasankhe ameneyu kaye.

Pa hena m'pamene ambiri amapusitsika. Hena weniweni ndi masamba osinja, ufa wobiriwira wonunkha ngati udzu wouma, ndipo pa paketi amalemba Lawsonia Inermis. Mtundu wake ndi umodzi basi, wofiirira, moti imvi zimasanduka zofiira ngati njerwa. Amafunanso nthawi: phala lake likhale maola angapo musanapake, kenako maola awiri kapena kupitirira lili m'mutu. Kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julayi kumachedwetsa mtundu kutuluka, choncho fundani pulasitiki ndi duku. Kuti tsitsi lide mumapakanso ufa wa masamba a Indigofera Tinctoria pambuyo pake. Tsono paketi yolembedwa Black Henna, yolonjeza tsitsi lakuda bii m'mphindi 20, kawirikawiri imakhala ndi mankhwala omwe aja a dayi wokhalitsa, ngakhale pachikuto atajambula masamba.

Tembenuzani paketiyo, ndipo dzina loyamba kufunafuna ndi p-Phenylenediamine, kapena PPD. Ndi amene amatupitsa anthu nkhope ndi zikope, kuyabwitsa m'mutu ndi kutulutsa matuza, nthawi zambiri patapita tsiku limodzi kapena awiri. Thupi likangomukana kamodzi limamukanabe moyo wonse. Musakhulupirire msanga mawu oti PPD Free, chifukwa nthawi zambiri m'malo mwake amaikamo Toluene-2,5-Diamine, amene ambiri odana ndi PPD amadana nayenso. Mawu oti Ammonia Free nawonso sanena kanthu za PPD. Paketi yopanda mndandanda wa zomwe zilimo, isiyeni pa shelefu.

Mtundu uliwonse mwasankha, pakani pang'ono kuseri kwa khutu monga pepala la m'bokosi likunenera, mudikire maola 48. Pakafiira, kuyabwa kapena kutupa, musapake m'mutu. Ngati mwapaka kale ndipo milomo kapena kukhosi kwayamba kutupa, kupuma kukuvuta, tsukani msanga n'kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo.