STAR kapena ndondomeko ya NIST: muyankhe ndi iti akati "tiuzeni chochitika chomwe munagwirapo"?

Pa intaviyu ya ntchito ya wofufuza wongoyamba kumene mu SOC, gulu loyang'anira chitetezo cha makompyuta a kampani, funso ili silisowa. Anthu ambiri amabwera atakonzekera imodzi mwa njira ziwiri. Ena amagwiritsa STAR, yomwe imagawa nkhani panayi: mmene zinthu zinalili, ntchito yomwe inali m'manja mwanu, zomwe munachita, ndi zotsatira zake. Ena amatsata magawo a buku la NIST SP 800-61, malangizo a bungwe la boma la America othanirana ndi zochitika zoopseza makompyuta, makamaka la 2012, lomwe limayamba ndi kukonzekera, kenako kuzindikira ndi kusanthula, kenako kutsekereza, kuchotsa ndi kubwezeretsa, n'kumaliza ndi kuunikanso zonse nkhani itatha. Buku limeneli analikonzanso mu 2025, koma ofunsa ambiri akadali ndi magawo akale aja m'mutu.

Kuti tione kusiyana kwake, titenge nkhani imodzi yongoyerekeza. Nthawi ya 02:10 usiku, SIEM, pulogalamu yosonkhanitsa malogi osonyeza zomwe zikuchitika pa makompyuta, yatulutsa chenjezo: pa seva ya Windows pali zochitika 4625 zokwana 240 m'mphindi 20, zonse zochokera ku adiresi 203.0.113.45. Nambala 4625 imatanthauza kuti wina wayesa kulowa koma walephera. Mutafufuza mu Splunk, pulogalamu yofufuzira malogi, motere:

```
index=wineventlog EventCode=4625
| stats count dc(Account_Name) by Source_Network_Address
```

mukupeza kuti adiresiyo yayesa maakaunti pafupifupi 80, kutanthauza pafupifupi katatu pa akaunti iliyonse. Kenako pa 02:31 pakuoneka 4624, kutanthauza kuti kulowa kwatheka, ndipo Logon Type yake ndi 10, yomwe ndi ya RDP, njira yolowera mu kompyuta uli kutali.

Woyankha ndi STAR anganene kuti anali yekha pa shifiti ya usiku, udindo wake unali kuona ngati chenjezo ndi lenileni, anafufuza malogi n'kudziwitsa mkulu wake, ndipo akauntiyo inatsekedwa pasanathe theka la ola. Nkhani yotere imatha m'mphindi ziwiri, ndipo bwana wa olemba ntchito amene sadziwa 4625 amaitsatira bwinobwino. Ubwino wake waukulu ndi woti imakukakamizani kunena kuti "ine". Ofunsa safuna kumva kuti "tinafufuza, tinatseka", chifukwa sakulemba ntchito gulu lonse. Koma STAR ili ndi dzenje lake: anthu amathera nthawi pa mawu oyamba, kufotokoza kukula kwa ofesi ndi kuchuluka kwa makompyuta, ndipo akafika pa zomwe anachita amangoti "ndinafufuza malogi". Katswiri wokhala pambali pa bwanayo amadikira pomwepo. Malogi ati? Munaona chiyani chomwe chinakuuzani kuti si wantchito woiwala pasiwedi yake?

Apa ndi pomwe ndondomeko ya NIST imaposa. Woitsata sangalumphe kusanthula, chifukwa ndi gawo lakelake. Amafotokoza kuti munthu woiwala pasiwedi amalephera pa akaunti imodzi, kangapo, kuchokera pa kompyuta yake yomwe. Wolimbana ndi akaunti imodzi mwankhanza amaiyesa kambirimbiri mpaka itadzitseka, ndipo mumaona 4740. Koma maakaunti 80 oyesedwa katatu iliyonse, popanda 4740 ngakhale imodzi, ndi chizindikiro cha munthu amene akumwaza mapasiwedi ochepa odziwika pa maakaunti ambiri, dala kuti asafike pa mlingo wotsekera. Mu MITRE ATT&CK, mndandanda wa njira zomwe akuba a pa kompyuta amagwiritsa ntchito, njirayi ndi T1110.003. Angawonjezere kuti anayang'ana Sub Status: 0xC000006A imasonyeza kuti dzina ndi lolondola koma pasiwedi ndi yolakwika, pomwe 0xC0000064 imasonyeza kuti dzinalo kulibe. Ngati zambiri ndi za mtundu woyambawo, ndiye kuti wakubayo ali kale ndi mndandanda wa mayina enieni a antchito, ndipo zimenezo n'zofunika kuzilemba mu tikiti. Yankho lotere limaonetsa mmene mumaganizira, ndipo ndicho chimene akugula.

Vuto lake ndi loti limasanduka kulakatula mosavuta. Munthu amayamba ndi "kukonzekera", n'kutchula magawo onse ngati ali m'mayeso, nkhani yeniyeni n'kusowa. Choipa china, ndondomekoyi imamukoka wongoyamba kumene kudzitengera ntchito zomwe si zake. Wofufuza wa mlingo woyamba mu SOC nthawi zambiri samanganso seva kapena kulamula kuti antchito onse asinthe mapasiwedi. Ntchito yake ndi kusefa machenjezo, kusonkhanitsa umboni ndi kukweza nkhani kwa oyenera. Mukati munachita zonse nokha kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, wofunsa amene wakhalapo mu SOC amadziwa kuti mwina mukukokomeza, mwina simulemekeza malire a udindo, ndipo zonse ziwiri sizikuthandizani.

Kwa ine, pa funso ili STAR ikhale chigoba, NIST ilowe mkati mwa gawo lachitatu lokha la STAR, la zomwe munachita. Mmene zinthu zinalili ndi udindo wanu zikwane m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Nthawi yotsalayo muithere pa zomwe munachita, motsata wotchi: chomwe chinaoneka, chomwe munakayikira, pomwe munatsimikizira, amene munamuimbira ndi zomwe munamuuza. M'nkhani yathu ija, 4624 ya 02:31 ndi pomwe pali mtima wa nkhani, chifukwa yasintha "akuyesa" kukhala "alowa". Nenani kuti kuchokera pamenepo munasiya kuwerenga zolephera n'kuyamba kulondola akauntiyo: kodi pali 4720, yosonyeza kuti apanga akaunti yatsopano? Kodi 4688 ikuonetsa mapulogalamu achilendo? Nambala yomalizayi imaoneka pokhapokha kulemba kwake kutayatsidwa pa sevayo, choncho kusaipeza sikutanthauza kuti palibe chinachitika, ndipo kunena zimenezi nokha kumakukwezani.

Mafunso a khalidwe, monga kusemphana ndi mnzanu kapena cholakwa chomwe munachitapo, amenewo ndi a STAR basi. Mafunso ongoyerekeza, aja akuti "mungatani mutaona kompyuta ikulankhula ndi adiresi yachilendo mphindi zisanu zilizonse", STAR siigwirapo chifukwa palibe zakale zoti mufotokoze. Pamenepo tsatani NIST, ndipo samalani ndi msampha umodzi: musafulumire kunena kuti muzimitsa kompyutayo. Kuizimitsa kumafafaniza zomwe zili mu RAM, umboni womwe ofufuza akuluakulu amaufuna. Yankho labwino ndi kuichotsa pa netiweki ikadali yoyaka, kudzera mu EDR, pulogalamu yoyang'anira ndi kuteteza kompyuta iliyonse, ngati ilipo, motsatira chilolezo chomwe buku la malangizo a SOC likupatsani.

Nanga amene sanagwirepo ntchito mu SOC? Nkhani ya mu labu ya kunyumba imaloledwa, bola munene poyambirira kuti ndi ya mu labu. Makina awiri a mu VirtualBox, amodzi a Windows otumiza malogi ku SIEM ya Wazuh, ena oyesa kulowa, amakupatsani 4625 ndi 4624 zenizeni zoti mufotokoze. Chomwe labu ilibe ndi anthu: mulibe mkulu woti mumudzutse 2 koloko usiku. Choncho onjezerani nokha chiganizo chonena amene mukanamudziwitsa ndi zomwe mukanalemba mu tikiti. Ngati nkhani yanu ndi ya kuntchito kwenikweni, chotsani dzina la kampani, maadiresi ndi mayina a antchito. Wofunsa akakakamira kuti mutchule kampaniyo, yankhani mwaulemu kuti simungathe, n'kubwerera pa 02:31 paja.