Polovidenti ya kuntchito ndi penshoni yogula kwa ejenti: ndayika masitetimenti awiri pambali

Anzanga amene timakumana ku chipereganyu cha ku Rosettenville akhala akundifunsa funso limodzi kuchokera pamene malamulo a miphika iwiri, ogawa pawiri ndalama zimene timasonkha ku penshoni kuno ku South Africa, anayamba pa 1 Sepitembala 2024. Akuti polovidenti yodulidwa kuntchito ikukwana, kapena alembetsenso penshoni ija maejenti amatitsatsa pakhomo la fakitale? Ine ndili nazo zonse ziwiri, ndiye ndiyankha poyang'ana mapepala ake. Manambala ndawafewetsa kuti asavute kuwerengera.

Tiyambe ndi zosonkha. Tinene kuti malipiro owerengerapo penshoni ndi R10,000 pamwezi, inu mukudulidwa 7.5 peresenti, bwana akuwonjezanso 7.5 peresenti. Ndi R750 ndi R750, pamodzi R1,500. Koma pa sitetimenti ya polovidenti musathamangire nambala imeneyi. Fufuzani mzere wolembedwa "Net contribution". Mizere ili pamwamba pake ikuwonetsani kuti R230 yapita ku inshulansi ya imfa, kulumala ndi maliro, R70 yapita kwa oyendetsa thumba, ndipo imene yasungidwadi ndi R1,200. Pa R1,200 imeneyi, R400 imalowa mu "Savings component", mphika umene mungatapemo kamodzi pachaka cha msonkho, R800 imalowa mu "Retirement component" yodikira kupuma ntchito.

Ambiri akawona R300 yadulidwa amakwiya. Ine sindikwiya nayo, chifukwa yalembedwa poyera ndipo mbali yake yaikulu ikugula chinthu chodziwika. Aliyense amene anasonkhapo ndalama zonyamulira maliro kuchoka ku Joni mpaka ku Mzimba kapena ku Mangochi akudziwa kufunika kwa inshulansi ija. Ndipo penshoni ya kwa ejenti ilibe bwana wowonjezera: mukamaika R600 pamwezi, yonseyo ndi yochokera kwa inu nokha. Apa polovidenti yapambana kutali.

Vuto la polovidenti ndi limodzi, koma ndi lalikulu. Peyisilipi imangonena kuti bwana wakudulani, sinena kuti watumiza. Lamulo la penshoni la kuno, pa gawo 13A, limati ndalama zifike ku thumba pasanathe masiku 7 mwezi utatha. Alipo mabwana ochuluka amene sachita zimenezi, moti bungwe la FSCA, loyang'anira makampani a zachuma ndi matumba a penshoni, limasindikiza mayina awo, ndipo makampani a ulonda sasowa pa mndandandawo. Ikani mapeyisilipi 12 pambali pa sitetimenti n'kuwerenga miyezi. Mukapeza miyezi 9 yokha, kapena nambala yosagwirizana ndi malipiro anu, lembani kalata ku thumba, ndipo akapanda kuyankha m'masiku 30 kadandauleni ku ofesi ya Pension Funds Adjudicator, yoweruza madandaulo a penshoni, kwaulere. Musachedwe, abale, chifukwa bwana akasiya kulipira, inshulansi ija ingathenso kuima inu osadziwa. Penshoni yodzilipirira ilibe vuto limeneli popeza ndalama imachoka ku banki kwanu mukuwona.

Pa nkhani ya kukula, kuwerengera n'kumodzi pa mapepala onse awiri. Chaka chinayamba ndi R60,000, chatha ndi R80,400. Sikuti mwapindula R20,400. Chotsanipo zimene munasonkha, R1,200 kuchulukitsa ndi 12, yomwe ndi R14,400. Phindu lenileni ndi R6,000, pafupifupi 9 peresenti mukakumbukira kuti zosonkhazo zimalowa pang'onopang'ono m'kati mwa chaka. Yerekezani nambala imeneyi ndi mmene mitengo yakwerera chaka chomwecho. Chaka chimodzi sichiweruza thumba, yang'anani zisanu.

Tsopano pamene pakundiwawa. Sitetimenti ya penshoni yanga ya kwa ejenti ndi yokongola kuposa ya kuntchito, ili ndi mitundu ndi chithunzi cha mzere wokwera. Patsamba loyamba palembedwa "Fund value" ndi zilembo zazikulu, R31,000. Patsamba lachitatu, m'munsi, pali mzere waung'ono wakuti "Transfer value", R27,000. Nditafunsa za R4,000 yosiyanayo anandiuza kuti ndi chindapusa chimene ndingadulidwe ndikasamutsa ndalama kupita kwina. Anawonjeza kuti chindapusa cha mtundu womwewo chimabweranso ndikachepetsa kapena kusiya kulipira pamwezi. Gwero lake ndi komishoni: ejenti analandira yake ya zaka zambiri kumayambiriro, kampani inaiwerengera pa polisi yanga ngati ngongole, ndipo ndikachoka msanga imabweza zake kuchokera m'ndalama zanga.

Taganizani amene akugulitsidwa mapolisi amenewa. Ndi ife, anthu a makontirakiti a chaka chimodzi, anthu amene pemiti ikachedwa ntchito imaima, anthu amene mayi akadwala kumudzi ndalama yonse ya mweziwo imapita pa Mukuru. Munthu wotere kusiya kulipira miyezi ingapo si zachilendo ayi. Kumugulitsa chinthu chimene chimamulanga pa tsiku lomwe wavutika, osamuuza pakamwa, ndi nkhanza. Polovidenti sitero: ntchito ikatha ndalama zimatsala m'thumba zikukulabe, kapena mumazisamutsira kwina popanda chindapusa chotere.

Chodula china sichiwoneka n'komwe pa sitetimenti, chifukwa chimachotsedwa phindu lisanalembedwe. Kuti muchiwone, pemphani pepala lotchedwa "Effective Annual Cost". Ndi muyezo umene bungwe la ASISA, la makampani osunga ndi kuikiza ndalama, linakhazikitsa kuti makampani azionetsa zodula zonse m'njira yofanana. Lili ndi mizere inayi: "Investment management", "Advice", "Administration" ndi "Other", ndipo limasonyeza mtengo ngati mutachoka patatha chaka chimodzi, zitatu, zisanu kapena kumapeto. Chindapusa chija chimabisala pa "Other", ndipo mungachizindikire powona kuti nambala ya chaka chimodzi ndi yaikulu kwambiri kuposa ya kumapeto. Yanga, ngakhale nditakhala mpaka kumapeto, inali 3 peresenti pachaka. Ku polovidenti nditafunsa oyendetsa, oikiza ndalama amatenga pafupifupi 1 peresenti. Zimamveka zazing'ono. Koma pa R60,000, 1 peresenti ndi R600 pamene 3 peresenti ndi R1,800, kutanthauza kuti miyezi itatu ya munthu wolipira R600 imathera pamenepo, chaka ndi chaka, ndipo ndalamayo imakwera thumba likamakula. Mzere wa "Advice" umadulidwabe ngakhale ejentiyo simunamuwonenso kuchokera tsiku losayina.

Ndisanamizire onse. Zilipo penshoni zodzilipirira zatsopano zimene mungaimitse, kuchepetsa kapena kusamutsa popanda chilango, ndipo pa izo "Fund value" ndi "Transfer value" zimakhala nambala imodzi. Kwa achimwene ogwira ntchito m'nyumba, m'munda kapena pa bizinesi yawoyawo, amene alibe thumba la kuntchito, imeneyo ndi njira yabwino, bola akudziwa kuti mbali yaikulu ya ndalamazo nthawi zambiri siikhudzidwa mpaka munthu atakwanitsa zaka 55. Pa msonkho zonse ziwiri zimapeputsa mofanana, ndipo kutapa mu mphika uja wa "Savings component" kumadulidwa msonkho ndi SARS konsekonse, kuwonjezerapo ndalama ya oyendetsa.

Choncho kwa amene muli ndi polovidenti yomwe bwana akulipira mwezi uliwonse, ine ndikuti khalani nayo, ndipo ngati pali ina yotsala funsani ku ofesi ya malipiro ngati malamulo a thumba lanu amalola kuwonjezera mwakufuna kwanu. Ejenti akabwera ndi fomu, muuzeni akupatseni kaye pepala la "Effective Annual Cost" mupite nalo kunyumba, ndipo alembe ndi dzanja lake kuti mukasiya kulipira chaka chamawa adzakudulani zingati.