Dzino la implanti lili bwino, koma musalipire dipoziti asanakujambuleni fupa

Ndikupereka nyenyezi zitatu. Zikanakhala zinayi kapena zisanu, koma mayi wa pa risepushoni wa kiliniki ya mano imene ndinapitako anandilakwira kwambiri ndipo mpaka pano sanapepese.

Ndinapita kukafunsa za implanti, kachitsulo kamene amaika m'fupa la nsagwada kuti kagwire dzino lochita kupanga, chifukwa dzino langa lotafunira, lakumunsi kumanzere, linazulidwa kalekale ndipo ndinatopa ndi kutafunira mbali imodzi. Mtengo wake nonse mukuudziwa, si ndalama yoti munthu angoisolola m'thumba. Mayi uja anayang'ana ekisirei yanga yakale, ija imaonetsa mano onse pachithunzi chimodzi, n'kunena kuti: "Bambo, fupa lanu ndi lambiri, zanu n'zosavuta. Lipirani theka lero, tikusungireni tsiku." Iye si dokotala. Analibe chifukwa chilichonse chonenera za fupa langa. Koma ndinamukhulupirira popeza amalankhula ali m'yunifomu ya pamalopo, ndipo ndinalipira.

Tsiku la opaleshoni ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinapeza wondiperekeza, n'kufika m'mawa. Adokotala atangoona fayilo anafunsa kuti sikani ili kuti. Kunalibe. Anatuluka, ndinawamva akulankhula ndi mayi uja motsitsa mawu, kenako anabwera n'kunena kuti saboola chilichonse asanaone fupalo mbali zonse. Anandijambula sikani ija makina amazungulira mutu, ndipo titakhala pakompyuta anandiuza kuti lero sizitheka. Ndinapsa mtima koopsa. Ndinkaona ngati ndi njira yongondidyera ndalama zina, chifukwa nthawi yomweyo anayamba kunena zowonjezera fupa, zimene zili ndi bilu yakeyake imene palibe anaitchulapo tsiku la dipoziti. Nditapita kukafunsa mayi uja chifukwa chake anandiuza zabodza, anangoti: "Zimenezo ndi za adokotala, bambo," maso ali pafoni.

Chimene chinandibweza mtima ndi mmene adokotalawo anafotokozera. Sanandithamangitse. Anandionetsa nsagwada yanga itadulidwa chopingasa pa sikirini n'kuyeza ndikuona. Ekisirei wamba imaonetsa kutalika kwa fupa basi, siionetsa kunenepa kwake. Kutalika kwa fupa langa kunali bwinobwino, mamilimita 13 kuchokera pamwamba kukafika pamtsempha umene umadutsa m'kati mwa nsagwada yakumunsi. Implanti imene ankafuna kuika inali ya mamilimita 10, ndipo amasiya mpata wa mamilimita osachepera 2 pamwamba pa mtsemphawo, chifukwa akaukhudza mlomo ndi chibwano zimachita dzanzi, nthawi zina mpaka kalekale. Vuto linali kunenepa. Pamwamba pake fupa langa linali mamilimita 4 okha. Implantiyo payokha ndi yonenepa mamilimita 4, ndipo imafuna fupa lokwana milimita imodzi ndi theka mbali iyi ndi mbali inayo. Ndiye kuti pankafunika mamilimita pafupifupi 7. Iwo anati: "Bambo, mukakhoma msomali wonenepa m'mphepete mwa thabwa lopyapyala, thabwalo limang'aluka. Ndikhoza kuika lero, koma chitsulo chikhala pamtunda mbali imodzi, nkhama zidzatsika, ndipo mudzabweranso kudzachotsa."

Ndinafunsa kuti fupa langa linapita kuti. Anati fupa limene limagwira dzino limakhalapo chifukwa cha dzinolo. Dzino likazulidwa, thupi limayamba kulisungunula, makamaka m'miyezi yoyambirira, ndipo pakatha chaka likhoza kuchepa kunenepa mpaka theka. Choncho amene mwazulitsa dzino posachedwa ndipo mukuganiza za implanti, funsani msanga, musadikire zaka ngati mmene gweru langa linakhalira. Kwa mano akumwamba akumbuyo vuto limakhala lina: pamwamba pake pali mphako ya mpweya yolumikizana ndi mphuno, ndipo fupa likafupika amayamba akweza pansi pa mphakoyo.

Anandiwonjezera fupa. Anatsegula nkhama, n'kuthira timibulu ta fupa tooneka ngati mchenga woyera, n'kuphimba ndi kachikopa kopyapyala kamene kamasungunuka kokha, kenako n'kusoka. Timibulu timeneti tingachokere m'thupi mwanu momwe, kwa munthu wina, ku fupa la ng'ombe lokonzedwa bwino, kapena topangidwa ku fakitale. Funsani kuti akuikirani tamtundu wanji, ena zimawakhudza. Ntchito yake ndi kusunga malo kuti fupa lanu lenileni limere m'menemo, ndipo zimatenga miyezi 4 mpaka 6. Kunena zoona, apa ndi pamene panandipweteka kuposa pa implanti penipeni. Tsaya linatupa kwambiri tsiku lachiwiri ndi lachitatu, kenako linayamba kuphwa. Ndinkapeza timchenga tingapo palilime, ndinaimba foni mwamantha, ndipo nesi anati toŵerengeka si vuto, koma bala likatseguka kapena pakatuluka mafinya ndibwere tsiku lomwelo. Nesi ameneyu ndiye munthu wabwino pamalopo.

Kuika implantiyo kunali kwachangu. Jakisoni wa dzanzi, kuboola pang'onopang'ono ndi madzi ozizira kuti fupa lisapse, kenako kumanga kachitsuloko ngati sikuluwu. Sindinamve ululu, ndinkangomva kunjenjemera m'nsagwada. Ulusi anachotsa patatha masabata awiri osakwana, nkhama zinapola, ine n'kumaona ngati zatha. Adokotala anandichenjeza kuti kupola kwa nkhama si kupola kwa fupa. Kachitsuloko ndi ka taitaniyamu, ndipo fupa limamera n'kukakamirana nako mpaka kukhala chinthu chimodzi. Zimenezi anazitulukira dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, amene anaika implanti zotere mwa munthu koyamba mu 1965. Kugwiranaku kumatenga miyezi 3 mpaka 6, ndipo kumunsi kumafulumirako kuposa kumwamba chifukwa fupa lakumunsi ndi lolimba. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti implanti imakhala yofooka kwambiri osati tsiku loikalo ayi, koma patapita masabata angapo, pamene fupa lakale lozungulira likusungunuka ndipo latsopano lisanakhwime. Nthawi imeneyo munthu sumva ululu uliwonse, ndiye n'zosavuta kuiwala n'kulumira chinthu cholimba pamenepo. Ikamagwedezeka nthawi imeneyo, m'malo mwa fupa pamamera mnofu, ndiye kuti yalephereka.

Itagwira, anatsegula pang'ono n'kuika kachipewa kachitsulo koti nkhama ziumbike mozungulira, ndipo patapita masabata awiri anatenga muyeso wa kirauni, dzino looneka lija. Kuyambira tsiku la sikani mpaka kutafuna, chaka chinatsala pang'ono kukwana. Mayi uja anandiuza kuti ndi nkhani ya mwezi umodzi.

Dzino lake ndilibe nalo dandaulo. Mtundu wake ukufanana ndi anzake, ndikutafuna mbali zonse. Limangomveka mosiyana pang'ono, chifukwa dzino lachibadwa lili ndi timinyewa tolilumikiza ku fupa timene timakuuza mmene walumira, pamene implanti ilibe. N'chifukwa chakenso matenda ake amabwera mwakachetechete. Anthu amati dzino lachitsulo silibooka, n'zoona, koma nkhama ndi fupa lozungulira zimadwala. Zoyanga zikaunjikana m'mphepete mwa kirauni, nkhama zimafiira n'kumatuluka magazi potsuka. Pamenepo zimachizika mukatsuka bwino ndi kupita kukatsukitsa. Mukazisiya, matendawo amatsikira pafupa n'kumalidya, ndipo fupa limenelo silibwerera lokha. Zizindikiro zake ndi magazi, fungo kapena kakomedwe koipa pamalopo, mafinya mukasindikiza nkhama, ndi chitsulo kuyamba kuonekera. Ululu umabwera mochedwa, musaudikire.

Katsukidwe anandiphunzitsa ndi nesi uja, atandigwiritsa galasi. Mswachi wofewa kawiri patsiku, koma mswachi wokha sufika pamene pali vuto. Kirauni ndi yotambalala pamwamba koma yopanikizika pamene yalowa mu nkhama, ndiye mbali zonse ziwiri pamatsala timipata pobisala zakudya. Pamenepo pamafuna kaburashi kakang'ono kolowetsa pakati pa mano, kamene waya wake ndi wokutidwa ndi pulasitiki kuti asakande chitsulo, kulowetsa chakutsaya komanso chakulilime. Ulusi wa mano mumaukulunga mozungulira khosi la implanti n'kupukuta, osangoulowetsa n'kutulutsa. Usiku woyamba kuchita zimenezi ndinadabwa ndi zimene zinatuluka pa dzino limene ndinali nditangolitsuka. Kukaonetsa ndi miyezi 6 iliyonse, ndipo nthawi zina amajambula kuti ayerekeze fupa ndi mmene linalili tsiku loika kirauni. Anandiuzanso kuti dzino likayamba kugwedera ndisiye kulumirapo n'kubwera msanga, chifukwa kawirikawiri imakhala kasikuluwu ka kirauni kamene kamasuka ndipo amangomanga, koma ikakhala implanti yeniyeniyo ndiye kuti yatha ntchito.

Chinanso chimene chikundikwiyitsabe ndi ichi. Pa risepushoni sanandifunse funso ngakhale limodzi la thanzi langa asanalandire ndalama. Adokotala ndi amene anafunsa pambuyo pake, ndipo mafunsowo angamulepheretse munthu kotheratu. Wosuta fodya implanti zake zimalephereka kawirikawiri, chifukwa fodya amachepetsa magazi opita ku nkhama. Wa shuga wosalamulirika mabala ake amachedwa kupola, ngakhale amene shuga wake ali m'malo akhoza kuikidwa. Amene ali ndi matenda a nkhama ayenera kuchira kaye, popeza tizilombo tomweto timagwiranso implanti. Achinyamata amene nsagwada ikukulabe sayenera, chifukwa mano ena amasuntha ndi kukula koma implanti imatsalira pomwepo n'kudzaoneka yaifupi. Oyembekezera amadikira kaye. Amene amakukuta mano usiku angafunike chotchinga chogona nacho. Koma amene adokotala anatsindika kwambiri ndi awiri: munthu amene anawotchedwapo khansa m'mutu kapena m'khosi, ndi amene akulandira mankhwala olimbitsa mafupa, makamaka a jakisoni kapena a diripi amene amapatsidwa odwala khansa. Mwa anthu amenewa fupa la nsagwada likaboledwa likhoza kufa osapolanso. Taganizani munthu wotere atalipira theka, ndipo papepala la dipoziti analemba kuti ndalama sibwezedwa.

Ndinalemba kalata yodandaula kwa oyang'anira. Anandichotsera mtengo wa sikani, koma za mayi uja sanayankhe, ndipo nditapita kukaonetsa dzino ndinamumva akuuza munthu wina mawu omwe aja akuti zanu n'zosavuta. Adokotala ndi nesi ndikhoza kuwatumizira m'bale wanga popanda mantha. Koma mukapita, kanani kulipira mpaka mutaonana ndi dokotala mwiniwake, mutajambulidwa sikani, ndipo atakulemberani papepala mtengo wa chilichonse padera: sikani, kuwonjezera fupa ngati kukufunika, implanti, ndi kirauni. Muwafunsenso kuti implanti ikalephera kugwira, amene alipire yachiwiri ndani, ndipo yankho lake alilembe pomwepo.