Chiwaya chachitsulo chochindikala cha masentimita 30: mmene chimakazingira nsomba yathunthu

Chiwaya ichi ndi chachitsulo chakuda chochindikala, chopanda utoto woletsa kumatirira, ndipo chimalemera pafupifupi makilogalamu 3. Ndinachigula kuti ndizikazingira nsomba yathunthu, ndipo nditachigwiritsa ntchito kwa nthawi ndithu ndingathe kunena kuti nsomba imatulukamo khungu lake lili bwinobwino, malinga wophikayo akhale wodekha.

Ubwino wake wagona pa kusunga kutentha. Nsomba imamatirira pamene khungu lake laiwisi lakhudza chitsulo chosatentha mokwanira, chifukwa mapulotini a m'khungumo amagwirana ndi chitsulocho asanaume. M'chiwaya chopyapyala, nsomba yozizira ikangolowa mafuta amazizira nthawi yomweyo, madzi amatuluka m'nsomba, ndipo imayamba kuwira m'malo mokazingika. Chiwaya chochindikalachi sichizizira msanga choncho, motero khungu limauma mofulumira n'kumatuka lokha pachitsulo.

Ndifotokoze mmene ndimachitira ndi nsomba ya magalamu pafupifupi 500. Ndikaipala mamba ndi kuitumbula, ndimaitema mizere itatu mbali iliyonse mpaka mpeni ukhudze minga, kuti kutentha kulowe mkati komanso kuti nsomba isapindike ikamapsa. Kenako ndimaithira mchere, n'kuisiya mphindi 15, ndipo pambuyo pake ndimaipukuta ndi kansalu koyera kunja ndi m'mimba momwe mpaka chala chisamamve chinyezi. Kupukutaku sindikupeputsa, pakuti nsomba yonyowa imamatirira ngakhale m'chiwaya chabwino chotani, ndipo imathethetsa mafuta mpaka kukuwotchani m'manja.

Chiwaya ndimachitenthetsa chopanda kanthu pa moto wapakati kwa mphindi 5, ndiyeno ndimathira mafuta ofika sentimita imodzi kuchokera pansi. Mafutawo ayenera kufika pa madigiri 175 mpaka 180, ndipo amene alibe choyezera angaviike nsonga ya mthiko wouma: tithovu tikamatuluka mofulumira mozungulira mtengowo ndiye kuti mafuta akonzeka, koma akayamba kufuka utsi ndiye kuti apitirira. Nsomba ndimaigoneka pang'onopang'ono, kuyambira mbali imene ndaima kupita kutsogolo, kenako sindiikhudzanso kwa mphindi 6. Ambiri amaphwanya nsomba pa nthawi imeneyi, chifukwa amaisuntha poopa kuti ikupserera, pamene khungu likadali logwirana ndi chitsulo. Chizindikiro chakuti yakonzeka kutembenuzidwa n'chakuti m'mphepete mwake mwafiira, kuthetheka kwa mafuta kwachepa, ndipo mukalowetsa chotembenuzira chopyapyala kumunsi kwa mutu nsomba imanyamuka popanda kukakamiza. Ikakana, ipatseni mphindi ina imodzi. Ndimaitembenuza kamodzi kokha, nditaichirikiza pamwamba ndi supuni, ndipo mbali yachiwiri imapsa m'mphindi 4 kapena 5. Ndikasuzumira mu mzere wapakati uja n'kuona mnofu wayera mpaka pa minga, ndimadziwa kuti yapsa.

Zofooka zilipo, ndipo wogula ayenera kuzidziwa. Masentimita 30 amenewo ndi a pakamwa pa chiwaya, koma pansi pake mpocheperapo, pafupifupi masentimita 25, kotero nsomba yaitali kuposa pamenepa mchira wake umakwera m'mbali n'kutsala wosapsa, ndipo poitembenuza imadukira pomwepo. Ndi bwino kudula mchirawo kusiyana ndi kuikakamiza. Nsomba ziwiri zaukulu umenewu nthawi imodzi sindikulimbikitsa, chifukwa zimaziziritsa mafuta ndipo malo olowetsa chotembenuzira amasowa. Chinanso, moto ukakhala waung'ono pakati pamatentha kwambiri kuposa m'mbali, choncho mimba ya nsomba imafiira mutu usanafiire. Kuchitenthetsa modekha poyamba kumachepetsako vutoli. Chogwirira chake ndi chachitsulo chomwecho ndipo chimatentha kwambiri, moti popanda nsalu yochindikala simungachinyamule, komanso kulemera kwake kungavute munthu wofooka mkono pamene akukhuthula mafuta.

Chikadali chatsopano chinkagwira khungu pang'ono, koma chinasiya pamene mafuta opsera pachitsulo anapanga kachikuto kakuda kosalala. Kachikuto kameneka n'kofunika kukasamala. Ndikamaliza ndimachitsuka ndi madzi otentha, kuchiumitsa pamoto, n'kuchipaka mafuta pang'ono, ndipo sindichisiya chili m'madzi chifukwa chimachita dzimbiri msanga. Madzi a mandimu kapena viniga ndimathira nsomba ili kale m'mbale, pakuti zowawasa zikakhalitsa m'chiwaya zimadya kachikutoko.

Amene amakazinga nsomba yathunthu kawirikawiri, ya utali wosapitirira masentimita 25, ndipo sadandaula ndi kulemera kapena chisamaliro chimenechi, chiwayachi chimuyenera. Amene amakonda nsomba zazitali afunefune chachitsulo chomwechi koma chowulungika motalika.